Basi Inafera pa Lizulu, Ine Ndinati pa Thabwa

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa risepushoni ya kachipatala kena kolipira ku Zingwangwa. Ntchito yanga inali yolandira odwala, kuwalemba m'kaundula, kuwakweza pasikelo, kuyankha foni, ndi kuitana amene nthawi yake yolowa kwa adokotala yakwana. Pa desikipo tinalipo awiri, koma sitinkakhalapo limodzi. Mnzanga ankalowa seveni koloko m'mawa n'kuweruka wani koloko, ine n'kulandira desiki wani koloko mpaka seveni madzulo. Tikakumana pa wani kolokopo tinkapatsirana kaundula ndi makiyi a kabati ya mafayilo, n'kuuzana za odwala amene akudikirabe zotsatira za magazi.

Mnzangayo anali wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, ndipo ndinkangomutchula kuti asisi. Anali atangobwerera kumene ku tchuthi cha uchembere. Mwana wake wa miyezi inayi ankamusiya ndi apongozi ake ku Bangwe, ndipo kamwanako kankakana botolo. Akamuyamwitsa m'mamawa n'kumufinyira mkaka pang'ono m'kapu, apongoziwo ankalimbana naye ndi supuni mpaka mayi wake atabwera. N'chifukwa chake asisi ankati ikangokwana wani koloko, chikwama chili kale paphewa. Minibasi ziwiri zinkamudikira: ya ku Limbe, kenako ya ku Bangwe.

Amene anakonza kuti iye azilowa m'mawa mokhamokha anali a manijala athu. Tonse tinkawatchula kuti Madamu. Anali namwino wakale, mayi wamfupi wa mawu otsika, wochokera ku Nsanje. Ine kwathu ndi ku Nchalo, ndiye tsiku limene anandilemba ntchito atamva kalankhulidwe kanga anaseka, n'kundipatsa moni m'Chisena. Kuyambira pamenepo ankanditenga ngati mwana wa kumudzi kwawo. Tinkapempheranso tchalitchi chimodzi, ngakhale miphakati yathu inali yosiyana. Ndandanda wa mashifiti ankalemba okha ndi pensulo, n'kuumata kuseri kwa chitseko cha ofesi yawo. Lamulo lawo pa nkhani ya mashifiti linali limodzi basi.

“Chikasintha chilichonse, imbani foni nthawi yomweyo,” ankatero. “Osati meseji, osati kutuma mnzanu. Imbani, ndimve mawu anu.”

Chaka changa chachiwiri pamalopo ndinaona ntchito ina ikulengezedwa, ya ku Lilongwe, ku chipatala chokulirapo. Ndinalemba kalata mwakachetechete. Patatha mwezi anandiimbira kuti ndikapezeke ku intavyu Lolemba lotsatira. Ndinasangalala, koma chisangalalocho sichinakhalitse, chifukwa ndinayenera kukapempha tsiku kwa Madamu. Ndikanawauza bwanji munthu amene ananditola ndilibe kanthu kuti ndikusakasaka kwina? Ndinayima pakhomo pa ofesi yawo Lachisanu.

“Madamu, ndimapempha Lolemba. Amayi sakupeza bwino kumudzi.”

Anaika cholembera pansi. “Ayi, pepani. Chavuta n'chiyani?”

“BP yakwera. Akuti anagwa akuchokera kumunda.”

Amayi anga tsiku limenelo anali bwinobwino, mwina akupalira mapira awo. Mawuwo anangotuluka okha, osalala ngati ndinawaloweza.

“Pitani mukawaone,” anatero Madamu. “Lolemba desiki ndikhalapo ndekha masana. Koma Lachiwiri mukudziwa ndi sikelo ya ana, ine ndimakhala ku katemera. Mufika?”

“Ndifika, Madamu. Wani koloko ndili pano.”

Anatenga labala, n'kufufuta dzina langa pa Lolemba, n'kulembapo lawo.

Ndinapita ku Lilongwe Lamulungu, n'kukafikira kwa msuweni wanga ku Kawale. Intavyu inachitika Lolemba masana, ndipo inatha mochedwa moti sindikanathanso kubwerera tsiku lomwelo. Sindinade nkhawa. Basi yonyamuka hafu pasiti sikisi m'mawa imafika pa Wenela isanakwane thwelofu. Nthawi inalipo yokwanira yoti ndithamangire kunyumba ku Chilomoni, ndisambe, ndivale yunifomu, ndikalandire desiki ngati munthu wochokera kodwazika mayi ake.

Tinanyamuka bwino ndithu. Tinadutsa Dedza kukuzizira, nkhungu itakuta mapiri. Titangopitirira pang'ono msika wa Lizulu, kunamveka phokoso kunsi kwa basi, ngati wina wamenya chitini ndi chikoti. Dalaivala anaipatutsira pambali n'kuzimitsa injini. Fungo la labala wopserera linalowa m'kati. Nthawi inali itangopitirira hafu pasiti eyiti.

“Makasitomala, musadandaule,” anatero kondakitala. “Ndi lamba chabe waduka. Mphindi makumi atatu tikhala tikupita.”

Tinatsika. Mphepo ya pamalopo inali yolasa, ndipo ine ndinali nditavala kabulauzi kopyapyala ka ku intavyu. Posakhalitsa mavenda a pamsika anatiwona, n'kubwera akuthamanga ndi mabeseni a mbatatesi, kabichi, karoti ndi nsawawa. Anthu ena anayamba kugula ngati ulendo wake unali womwewo.

Naini koloko inakwana. Lamba wapadera amene anali m'basimo anapezeka kuti ndi wa saizi ina. Cha m'ma teni kondakitala anasintha nyimbo, akuti makaniko wanyamuka ku Lilongwe. Amene anali ndi m'thumba mokwanira anayamba kuimitsa minibasi zodutsa, ngakhale zambiri zinkabwera zodzaza kale. Ine m'chikwama munangotsala ndalama za minibasi ya ku Chilomoni. Ndinakhala pamwala, foni ili m'manja.

Pafupi nane panakhala bambo wina wa jekete lakuda, amene anandiuza kuti amagwira ntchito pa sitolo ina ya zitsulo ku Limbe. Iyeyo anali ataimba kale basi itangoima. Ndinamumva ndi makutu anga.

“Bwana, basi yatifera pa Lizulu. Akuti theka la ola, koma mmene ndikuonera ine, tiwerengere madzulo. Makiyi a sitolo ali kwa mlonda. Ndikuimbiraninso ikanyamuka.”

Zinangotha choncho. Anabweza foni m'thumba n'kugula chimanga chootcha. Ndinamusirira ngati munthu wolemera. Ine mawu ophweka omwewo sindikanatha kuwanena, chifukwa Lizulu sali panjira ya ku Nchalo. Ndinkangoyang'ana nambala ya Madamu, n'kuzimitsa, n'kuyatsanso. Ndinkadziuza kuti makaniko afika pompano, dalaivala athamanga, mwina ndingochedwa ndi mphindi zochepa. Mumtima ndinkadziwa kuti kuchokera pamenepo kukafika ku Blantyre ndi maola atatu, ndipo teni koloko itadutsa masamuwo anali atakana kale.

Ndinaimba itakwana hafu pasiti leveni. Ndinayamba ndayenda kaye kutali ndi mavenda, n'kukaima kuseri kwa mtengo wa bulugamu, kuopa kuti wina angakuwe za mbatatesi foni ili pakhutu.

“Madamu, pepani. Basi yatifera panjira. Mwina ndichedwa pang'ono.”

“Ayi zikomo mwaimba. Amayi ali bwanji?”

“Akupezako bwino.”

“Tithokoze Mulungu. Muli pati?”

Funso limeneli ndinali nditalikonzekera. “Tangowoloka mlatho wa Shire. Tili pafupi ndi Thabwa, tisanayambe kukwera mapiri.”

“Pa Thabwa? Ndiye mwayi wanu!” Mawu awo anakwera ndi chimwemwe. “Bambo a kunyumba ali ku Nchalo kuyambira dzulo, anapita kukaona mbuzi zawo. Akunyamuka thwelofu koloko. Ndiwauza akutengeni. Musasunthe pamenepo. Thu koloko mukhala mwafika, mubwere molunjika, yunifomu ndikubwerekani ya pano.”

Mpata wonena zoona unali pomwepo, wotseguka ngati khomo. M'malo mwake ndinati, “Musawavutitse, Madamu, mwina ikonzeka.”

“Kuvutika kwake kuti, njira ndi yomweyo? Ndiwapatsa nambala yanu. Asisi anu ndiwapempha awonjezere ola limodzi.”

Foni inaduka. Ndinaima pansi pa mtengo uja. Ndinaganiza zoimbanso. Ndinaganiza zozimitsa foni n'kudzanamizira batire. Ndinaganizanso zonena kuti ndakwera kale galimoto ina, koma ndiye thu koloko ikakwana ndikanati ndili kuti? Ndinabwerera pamwala paja osachita chilichonse, ndipo ola lathunthu linadutsa ndikuyang'ana miyendo ya makaniko, amene anali atafika n'kulowa kunsi kwa basi. Atatuluka anapukusa mutu. Lamba sanaduke yekha, pampu ya madzi inali itagwira. Kondakitala analengeza kuti tidikire basi ina.

Itatsala pang'ono kukwana wani koloko, foni inalira. Nambala yachilendo.

“Halo, ndine bambo a kunyumba kwa a manijala anu. Ndili pa Thabwa pano, koma basi sindikuiona. Ndi yamtundu wanji?”

Anali bambo wachikulire amene ndinkamuona ku tchalitchi atakhala kutsogolo, wodwala miyendo, woyenda pang'onopang'ono. Ndinamva mbuzi ikulira kumbuyo kwa galimoto yawo.

“Ndi... ndi yoyera,” ndinatero.

“Yoyera. Chabwino. Mwina ndakudutsani. Ndibwerere chakumlatho, ndiyende pang'onopang'ono. Muime m'mbali mwa msewu muzikweza dzanja.”

Ndinawalola. Mpaka lero chimene chimandiwawa kwambiri ndi chimenechi: ndinawalola atembenuze galimoto. Patapita mphindi khumi ndi zisanu anaimbanso, mawu ali otopa.

“Mwana wanga, ndafika mpaka pamlatho. Ndafunsa a kabaza, ndafunsa amayi ogulitsa masawu, onse akuti lero sikunafe basi kuno. Kunja kukutentha kwabasi. Tandiuzani bwinobwino, mukuona chiyani pamene mwaimapo?”

Ndinayang'ana pamene ndinaima. Minda ya kabichi, mapiri a nkhungu, anthu atafunda zitenje chifukwa cha kuzizira.

“Bambo, pepani,” ndinatero. “Pitirizani ulendo wanu. Sindili kumeneko. Ndilankhula ndi Madamu.”

Anangoti, “Oho,” n'kudula.

Sindinadikire kuti awauze ndi iwo. Ndinaimba nthawi yomweyo, nditaima pakati pa anthu, osabisalanso. Foni inaitana nthawi yaitali. Atayankha, kumbuyo kwawo kunkamveka ana akulira ku katemera.

“Mwakumana?”

“Madamu, ndakunamizani. Sindili pa Thabwa. Ndili pa Lizulu, njira ya ku Lilongwe. Kumudzi sindinapiteko. Amayi sakudwala. Ndinapita ku intavyu.”

Ndinayembekezera kukalipiridwa. Ndikanakonda akanakalipa. Koma anangopuma mozama, n'kufunsa ndi mawu a ntchito, opanda mkwiyo, opandanso chikondi chija.

“Basi inafa nthawi yanji?”

“Hafu pasiti eyiti.”

“Hafu pasiti eyiti.” Anabwereza pang'onopang'ono. “Pano akuti chiyani?”

“Akuti ikubwera ina. Sinafike.”

“Ndiye ngakhale itafika pompano, kuno simungafike isanakwane folo.”

“Ee, Madamu.”

“Ikanyamuka mundiimbire. Mukafika pa Zalewa mundiimbirenso. Ndili ndi ana pamzere.”

Basi ina inafika cha m'ma hafu pasiti wani. Ndinaimba, iwo anangoti, “Ndamva.” Pa Zalewa ndinaimbanso, yankho linali lomwelo. Njira yonse ndinakhala pawindo. Bambo wa jekete uja anandipatsa nthochi, ndinaigwira m'manja mpaka pa Lunzu osaisenda. Titafika pa Chemusa tinapeza mzere wa magalimoto a anthu oweruka, basi ikungokwawa. Ndinatsika pa Wenela, n'kuthamangira minibasi ya ku Zingwangwa. Pachipata cha chipatala ndinalowa itadutsa faifi, nditavala bulauzi ya ku intavyu, chikwama cha zovala chili m'manja.

Pabenchi panali patatsala amayi atatu ndi ana awo. Pa desiki panali asisi. Anali atadzifunditsa chitenje paphewa, kuphimba chifuwa, ngakhale m'chipindamo munali motentha. Ataimirira kuti andipatse mpando chitenjecho chinatsetsereka, ndipo ndinaona yunifomu yawo yanyowa mbali zonse ziwiri, mkaka utayenderera mpaka pamimba. Nkhope yawo inali yothina ndi ululu.

“Asisi, pepani...”

“Awa awiri akudikira zotsatira za malungo,” anatero, akuloza m'kaundula. “Awa ndi a katemera, khadi lawo lili kwa Madamu. Makiyi ndi awa.”

Foni yawo inalira patebulo. Anayankha akunyamula chikwama. “Ndanyamuka, amayi, ndanyamuka. Muyeseni ndi supuni pang'ono pokha.” Kulira kwa mwana kunkamveka mpaka pamene ndinaima, kulira kosasa kwa mwana amene walira nthawi yaitali. Anatuluka osandiyang'ana.

Ndinagwira ntchito maola awiri otsalawo. Titatseka, Madamu anandiitanira mu ofesi. Sanandiuze kuti ndikhale pansi.

“Mukudziwa amayi aja a ku Machinjiri, amene amatithandiza wina akapita kutchuthi?” anafunsa. “Mukanaimba naini koloko n'kunena kuti basi yafa, sindikudziwa nthawi yofika, ndikanawaitana. Wani koloko akanakhala ali pa desiki, mnzanu akanapita kwa mwana wake. Ngakhale hafu pasiti leveni ija, mukanandiuza kuti mufika madzulo, akanathamanga. Koma munandipatsa Thabwa, ine n'kuwerengera thu koloko, ndiye sindinawaimbire. Pamene mumanena zoona, iwo anali atapita kale kumunda, foni atasiya kunyumba.”

Ndisanayankhe, anapitiriza.

“Basi kufa si mlandu wanu. Basi zimafa. Chimene ndimafuna kwa munthu amene ali panjira ndi kudziwa pamene ali ndi nthawi imene ndingamuyembekezere, kuti ndikonze anthu anga. Zimenezo basi.” Kenako anawonjezera, “Za intavyu, mumaganiza kuti ndikanakumangani miyendo? Inenso pano ndinachita kubwera, ndinachokera kwina. Mukanandiuza, ndikanakupatsani Lolemba ndi Lachiwiri lomwe, kalata yokuchitirani umboni n'kukulemberani.”

“Ndinachita manyazi, Madamu.”

“Manyazi.” Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. “Lamulungu ku mphakati kwathu ndinapereka dzina la amayi anu. Tinawapempherera, anthu atagwada. Lamulungu likubwerali akandifunsa kuti ali bwanji. Ndikawayankhe chiyani?”

Pamenepo ndi pamene ndinalira. Iwo sananditonthoze, komanso sanandithamangitse. Anadikira mpaka nditamaliza. Kenako anandiuza kuti m'mawa mwake ndilembe lipoti la zimene zinachitika, ndi nthawi zake zonse, ndipo ndilandira kalata ya chenjezo yoti ikhale mu fayilo yanga. Anatembenuka n'kumatula ndandanda kuseri kwa chitseko. Maola anayi amene asisi anandigwirira anati ndiwabweze Loweruka, tsiku limene asisiwo ankayenera kulowa m'mawa. Ine ndinapempha kuti andilembe Loweruka lililonse la mwezi umenewo. Anandiyang'ana, n'kulemba.

“Bambo a kunyumba mukawapepese nokha,” anatero akutseka kabati. “Afika miyendo itatupa.”

Ndinapita kwawo ku Chilomoni Lamulungu tikuchokera ku Misa. Ndinawapeza atakhala pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Ndinagwada pansi pa masitepe n'kunena mawu anga. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

“Ine chimene chinandiopsa,” anatero, “ndimaganiza kuti mwina basiyo yagwera kuphompho, anthu sakudziwa. Ndinatsika kawiri kusuzumira. Dzukani, mwana wanga, pansipo pali fumbi.”

Asisi anatenga nthawi kuti andikhululukire. Kwa milungu iwiri tinkapatsirana kaundula ndi makiyi popanda mawu ena opitirira a ntchito. Ndinamva kwa mayi wokolopa kuti bere lawo limodzi linatupa, moti anagona ndi malungo masiku awiri akubwerabe kuntchito. Iwo sanandiuzepo. Tsiku lina ndinafika kotala tu wani, monga ndinali nditayambira kuchita, n'kuwauza kuti azipita, otsalawo ndimaliza ndine. Anatenga chikwama, n'kuima pakhomo.

“Iwe, ukanangondiuza ine,” anatero. “Ukanati asisi ndikupita ku Lilongwe, mwina ndichedwa. Ndikanabwera naye mwana ndi apongozi, akanakhala kuseri uku. Ine ndikanakuulula kwa ndani?”

Anapukusa mutu n'kuthamangira minibasi. Mawa lake anandibweretsera zitumbuwa ziwiri zokulunga m'pepala, n'kuziika pa kaundula.

Patatha milungu itatu, Madamu anandipeza pa desiki madzulo odwala atachepa.

“Anaimba anthu anu a ku Lilongwe,” anatero. “Munalemba dzina la chipatala chino pa kalata yanu, ndiye amafuna kumva kwa ine.”

Ndinafunsa, “Munawauza chiyani, Madamu?”

“Anafunsa ngati mumaidziwa ntchito. Ndinati mumaidziwa, odwala amakukondani. Anafunsa ngati mumasunga nthawi. Ndinati zaka ziwiri mwachedwapo kamodzi.” Anatola khadi la wodwala limene linagwa pansi n'kuliika patebulo. “Anafunsanso zina. Ndinayankha zimene ndikudziwa.”

Sindinafunse kuti zinazo zinali zotani, ndipo iwo sanawonjezere. Ku Lilongwe sanandiitane. Mwina anapeza wina wondiposa, mwina ayi, sindidzadziwa. Pa Zingwangwa ndinakhalapo zaka zina ziwiri. Madamu sanaitchulenso nkhaniyi ngakhale kamodzi, ndipo pa Khirisimasi ankandipatsa nkhuku ngati wina aliyense. Koma nthawi iliyonse ndikapempha tsiku, ankakweza maso n'kundiyang'ana kamphindi kochepa asanatenge pensulo, ndipo ine ndinkayamba kufotokoza zambiri kuposa zimene afunsa.